Imelo ya a MaNleya ndi Misozi ya a Malaba

Ndinagwira ntchito ndi a MaNleya zaka zisanu ndi zinayi, koma sindinawaonepo atanyamula kamera. Ankati kamera ili ngati khanda la eni, ukaligwetsa mlandu wake sutha. Ntchito yawo inali ya makutu ndi zala. Kakampani kathu ka mafilimu kanali ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsalu m'tauni ya Bulawayo, ndipo iwo ankakhala pakona ya kuwindo, mahedifoni atawavala pamwamba pa duku, akumvetsera zonse zimene anthu alankhula pa kamera n'kumazitayipa liwu ndi liwu. Munthu akatsokomola, ankalemba kuti watsokomola. Akakhala chete, ankalemba kuti wakhala chete masekondi angati.

Kwawo kunali kumudzi kuseri kwa Plumtree. Anali Mkalanga, ndipo ngakhale anakhala m'tauni kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akakwiya kapena akaseka kwambiri Chindebele chinkawathawa, Chikalanga n'kutulukira chokha. Anaphunzira kutayipa ali mtsikana, n'kugwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina ya nsapato zaka makumi awiri ndi ziwiri. Fakitaleyo itatsekedwa, amuna awo anali atamwalira kale, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo ali pasukulu ya unamwino. Ndiye anamva kutchalitchi kuti pali munthu wina wa mafilimu amene akufuna woyankha foni.

Munthuyo anali a Zenzo Mpofu, mwini kampani komanso dairekita wa mafilimu athu onse. A Zenzo anali ndi diso labwino koma pakamwa pawo panali poyabwa. Akaonera ntchito ya mkonzi, ndemanga yawo inkakhala ya mawu atatu: "Zoipa izi. Konza." Ukafunsa kuti zaipa pati, ankati, "Sukuona wekha?" Akonzi awiri anathawa chaka chimodzi. Wachitatu ali pafupi kunyamula chikwama, a MaNleya anamuuza kuti adikire. Anakhala pansi ndi a Zenzo, kope la ana asukulu lili pamwendo, n'kumawafunsa ngati namwino wofunsa wodwala: pakupweteka ndi pati, payambira pati, mukufuna pakhale bwanji. Kenako anatayipa zonsezo mwadongosolo n'kupatsa mkonziyo. Kuyambira tsiku limenelo, ndemanga zonse za pakampanipo zinkadutsira m'manja mwawo. Foni ankayankhabe.

Ine ndine Mehluli Hlabangana. Ndinalowa pakampanipo ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, nditatha zaka khumi ndi ziwiri ndikukonza mavidiyo a maukwati ndi nyimbo zauzimu. Ndinkadziwa kudula ndi kulumikiza zithunzi mofulumira, ndipo ndinkadzimva. A MaNleya ankanditchula dzina la bambo anga, Hlabangana, ndipo akafuna kundiuza chinthu cholemera ankawonjezera kuti mwanangu. Ine ndinkangoti Mama, monga ankachitira aliyense, ngakhale a Zenzo amene anali wamkulu kwa iwo ndi chaka chimodzi.

Filimu yanga yoyamba yaikulu inali ya bandi ya malipenga ya ku Sizinda, dera lina la mu Bulawayo momwemo: madala asanu ndi awiri amene anapuma pa ntchito ya njanji, koma ankakumanabe Lachinayi lililonse m'galaja ya mmodzi wa iwo, n'kumakaimba pamaliro ndi paukwati. A Zenzo anawajambula miyezi isanu, n'kundipatsa maola makumi anayi a zithunzi. A wailesi yakanema ankafuna mphindi makumi asanu ndi ziwiri. Ndinkagwirira ntchito kunyumba kwanga ku Nketa, chifukwa ku ofesi kunalibe poti n'kukhala chete. Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinatulutsa rafu, filimu yongolumikiza koyamba, isanakonzedwe mitundu ndi mawu. Inali ya mphindi makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Ndinaiika pa intaneti, mawerengero a nthawi akuoneka pakona, n'kutumiza kwa a Zenzo amene anali ku Binga kukajambula zina, ndi kwa a MaNleya.

M'rafumo munali malo amene ndinkawanyadira kuposa ena onse. Pa mphindi ya makumi anayi ndi imodzi, a Zenzo akufunsa a Malaba, mdala wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, kuti lipenga lawo adzalisiyira ndani. A Malaba akuyamba kuseka, kenako akunena kuti anaphunzitsa mwana wawo Ndibali kuliza lipenga ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kenako mawu akusweka. Akunena kuti Ndibaliyo ali kundende ku Joni, chaka chachinayi tsopano. Akulira, akung'ung'udza timawu tina tosamveka, dzanja likukupiza pamaso pawo. Ndinasiya chithunzicho chiyende pafupifupi mphindi ziwiri osachidula. Mkazi wanga MaNdiweni atachiona analira. Ndinadziuza kuti filimu yonse yatsamira pamenepo.

Imelo inafika Lachiwiri m'mawa ndikumwa tiyi. Ndinaisunga, ndipo ndiilemba pano monga inalili.

"Hlabangana mwanangu,

"Ndaionera kawiri, koyamba popanda cholembera, kachiwiri ndi cholembera. A Zenzo aionera kamodzi ku Binga n'kunditumizira mawu awo. Zimene zili pansizi n'za tonse awiri, ndipo pamene tasiyana maganizo ndanena.

"Filimu ilipo. Madalawa wawakonda ndipo zikuoneka. Mkangano wa a Ncube ndi a Moyo pa za amene walakwitsa nyimbo (22:30) ndinaseka mpaka wa sitolo pansipa anabwera kudzaona. Maliro a pa 47:00, pamene wasiya malipenga okha osaikapo wolankhula, usawakhudze. A Zenzo akuti malo amenewo anawajambula akudandaula kuti sadzagwira ntchito, koma iwe wawadzutsa.

"Za mitundu ya zithunzi, kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndi nyimbo zongobwerekazo sitinenapo kanthu. Tikudziwa kuti nthawi yake sinafike.

"Tili pa mphindi 68, tikufuna 52. Usalimbane n'kuchotsa zonse 16 ulendo uno. Ukafika cha m'ma 57 tidzaonanso limodzi.

"Zofunika kusintha:

"1. 00:00 mpaka 04:32. Filimu ndi ya malipenga, koma lipenga likuyamba kumveka pa 04:32. Zithunzi za njanji n'zokongola, koma ndinayamba kufunsa kuti ndabwera kudzaona sitima kapena anthu. Tiyeni tilimve mphindi yoyamba isanathe. Mwina za m'galaja za pa 09:15 zingatsegule, koma ukapeza njira yoposa imeneyi, tsata yako.

"2. 12:40. A Ncube ndi a Moyo avala zipewa zofanana ndipo ukuwasinthanitsa mofulumira. Ine ndimawadziwa koma ndinasokonezeka. Aliyense akhale pang'ono yekha tisanaone mnzake.

"3. 18:05 mpaka 21:50, ndi 33:10 mpaka 35:00. Nkhani ya tsiku lopuma pantchito yanenedwa kawiri. Itsale imodzi. A Zenzo akonda yoyamba. Ine ndakonda yachiwiri chifukwa akazi a a Moyo akuseka kumbuyo. Usankhe ndiwe.

"Zoti ungoganizira:

"4. 27:14. Kapu ya tiyi yadzaza, yatha, yadzazanso. Mwina ndine ndekha amene ndimaona makapu.

"5. 52:00. Nyimbo ikulowa a Ncube asanamalize kulankhula, ngati ikutiuza kuti tiyambe chisoni. Tayesa popanda nyimboyo uone.

"Tsopano chomaliza, ndipo ichi n'changa ndekha, a Zenzo sindinagwirizane nawo.

"6. 41:10 mpaka 43:02, a Malaba. Waidula bwino kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ukuikonda. A Zenzo akuti ndi mtima wa filimu. Koma pa 41:48, pamene akuoneka ngati akung'ung'udza, akulankhula Chikalanga. Akuti, 'Zimitsani chinthucho, amayi ake asamve zimenezi.' Akubwerezanso pa 42:05. Dzanja lija sakupukutira misozi, akuletsa kamera. Amene anali pamalopo palibe womva Chikalanga, ndiye palibe amene anachitira dala. Ndinazilemba pa tsamba 112 la zotayipa, koma masambawo ndi 340, ndipo ndinayenera kukuuza pakamwa. Pamenepo ndalakwa ndine.

"Ndikuona njira ziwiri. Yoyamba, tidule pa 41:22, atangonena kuti anaphunzitsa mwana wawo. Pa khadi la kamera nambala 23 pali pamene akupukuta lipenga lija ali okha, manja okha akuoneka, pafupifupi masekondi 50. Mwina pangalowe pamenepo. Yachiwiri, tipite tikawaonetse, asankhe okha. Njira yoisiya mmene ilili osawafunsa sindikuiona.

"Tingalandire rafu yachiwiri Lachisanu la mawa? Ngati pali pamene sindinamveke, imba foni, usakhale nazo wekha. Moni kwa MaNdiweni ndi ana.

"MaNleya."

Mfundo zisanu zoyambazo ndinaziwerenga ndikugwedeza mutu kuvomera. Ina ndinachita kuseka, chifukwa kapu ija ndinaiona kale koma ndinkaganiza kuti palibe amene angaione. Nditafika pa yachisanu ndi chimodzi, tiyi anazizira m'manja. Ndinatsegula filimu, kupita pa 41:48, kukweza mawu mpaka kumapeto. Ndinamva timawu tija, koma kwa ine tinali timawu basi. Ndinatulutsa zotayipa zija pansi pa tebulo, pomwe ndinaziponya tsiku loyamba poganiza kuti munthu womva Chindebele sasowa mapepala. Tsamba 112 linali ndi mzere wofiira, ndi mawu a Chikalanga, ndi tanthauzo lake m'munsi.

Chimene ndinamva poyamba si manyazi ayi. Ndinakwiya. Ndinakwera kombi kupita m'tauni ndikukonza mawu m'mutu.

Ndinawapeza akudya umxhanxa wa chimanga ndi vwende m'kabakuli kawo, mahedifoni ali m'khosi.

"Mama, mukufuna kundiphera filimu?"

"Wadya?"

"Sindinabwerere kudya."

"Ndiye khala pansi, usandiyimirire ngati wapolisi."

Ndinakhala. Ndinawauza kuti milungu isanu ndi umodzi yonse ndakhala ndikumanga filimuyo kuti ifike pamalo amenewo. Ndinati popanda misozi ya a Malaba itsala filimu ya madala oseketsa ovala zipewa. Ndinati munthu akamalira amalankhula zambiri zimene sakutanthauza.

"N'zotheka," anatero. "Ndiye tikawafunse. Akati sanatanthauze, ine ndikhala chete, ndipo ndikugulira fanta."

Ndisanayankhe, foni ya pa ofesi inalira. Anali a Zenzo ali ku Binga. A MaNleya anadina kuti tonse timve.

"Mama! Ndaona imelo. Nambala sikisi ija sindinanene ine!"

"Ndalemba kuti simunanene."

"Mdala uja anasaina pepala! Lili m'kabati mwanu momwemo. Anavomera kuti tigwiritse ntchito zonse zimene tajambula."

"Anasaina, eya. Anasaina mu Febuluwale. Analira mu Meyi."

"Ndiye?"

"Ndiye anasaina asanadziwe kuti adzalira, a Mpofu. Pepalalo likutiteteza kukhoti. Koma filimuyi tikaionetsa ku holo ya ku Sizinda, akazi awo adzakhala pa benchi yakutsogolo. Inu mudzakhala pati?"

Pa foni tinamva mbuzi ikulira chapatali ku Binga, kenako a Zenzo anafunsa:

"Hlabangana ali pamenepo?"

"Ndilipo, mdala."

"Iwenso, munthu wamkulu ndi ndevu zako, sunawerenge mapepala?"

"Inunso munali pomwepo ndi kamera," ndinatero.

"Ine ndine wogontha Chikalanga, aliyense amadziwa! Ndibwera Lachinayi. Musapite popanda ine. Ndipo Mama, tsiku lina mudzandipha."

"Mukafa ndidzalemba ndemanga za pamaliro anu. Yendani bwino."

Atadula foni, a MaNleya anandikankhira kabakuli kaja. Ndinadya. Ndili mkati mwa kudya ndinawafunsa kuti mawu amene a Zenzo anatumiza okhudza chiyambi cha filimu anali otani kwenikweni. Anakana kaye, kenako anatsegula foni yawo. Ndinamva mawu a a Zenzo, mphepo ikuwomba: "Muuzeni ameneyo kuti ndinagona! Mphindi zinayi za zitsulo! Akuganiza kuti tikugulitsa njanji?"

"Ndiye inu munalemba kuti zithunzi za njanji n'zokongola," ndinatero.

"Si zokongola kodi? Sindinaname. Iwo ananena kuti anagona. Ine ndinafufuza chimene chinawagonetsa. Ukanalandira mawu awowo, ukanakonza chiyani? Ukanangokwiya sabata yonse."

Lachinayi masana tinapita ku Sizinda pa galimoto ya a Zenzo, isanafike nthawi ya bandi. Akazi a a Malaba, a MaTshuma, anatilandira ndi chisangalalo, mayi wamfupi wonenepa amene ankayenda akugwira khoma chifukwa cha miyendo. Anafuna kutiphikira tiyi. A MaNleya analowa nawo kukhitchini, akucheza Chikalanga, ndipo pokhota pakhomo ananditsinzinira diso. Ine ndi a Zenzo tinatenga a Malaba kupita nawo kugalimoto, tikuti tikawaonetse mmene akuonekera pa kanema.

Anakhala mpando wakutsogolo, laputopu pamwendo. Ndinawaveka mahedifoni. Ndinayambira pa 40:30.

"Ameneyu ndine?" anafuula, monga amachitira munthu wovala mahedifoni. "Ndakalamba chonchi? Bwanji simunandiuze kuti kolala yapindika?"

Ndinali mpando wakumbuyo, ndinkangoona khosi lawo ndi chithunzi chawo chikulira pa laputopu. Chitatha anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kuwapinda bwinobwino ngati chinthu chobwereka.

"Ndinakuuzani kuti muzimitse," anatero.

"Sitinamve, baba," anatero a Zenzo. Sindinawamvepo akulankhula motsitsa mawu chonchija. "Munalankhula Chikalanga. Amene anamva ndi a MaNleya, ku ofesi."

"Ndinalankhula Chikalanga?" A Malaba anadabwa. Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chala. "Ndiye kuti zinandifika penipeni."

A Zenzo anayesabe. Anawauza kuti malo amenewo ndi amphamvu, kuti makolo ambiri mu Bulawayo ali ndi ana ku Joni amene sakudziwika kumene ali, ndipo akaona adzadziwa kuti sali okha. Sananame, ndipo sanakakamize. A Malaba anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwalankhula zoona, a Mpofu. Koma mayi aja amadziwa kuti mwana wawo akugwira ntchito yolondera. Amadwala kuthamanga kwa magazi. Mwina akudziwa zoona zake, sindingakane. Munthu wagona naye nyumba imodzi zaka makumi asanu, umubisira chiyani? Koma ngati n'kumva, amve kwa ine, m'nyumba mwathu. Asamve pakhoma la holo, Sizinda yense akuwayang'ana kumsana. Chotsani."

"Tichotsa," anatero a Zenzo.

Ndinawaonetsa za pa khadi 23, manja awo akupukuta lipenga ndi kansanza kachikasu. Ndinawafunsa ngati tingasiye mawu oti anaphunzitsa Ndibali ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kenako manjawo.

"Zimenezo siyani. N'zoona, ndipo amayi ake azikonda. Ankaliza bwino kundiposa, mwana uja." Anayang'ananso. "Koma kolala ija simungaiwongole ndi makina anuwa?"

Titabwerera m'nyumba tinapeza tiyi ndi mabanzi. A MaNleya anangoyang'ana nkhope ya a Zenzo, n'kuwathirira shuga masupuni atatu.

Rafu yachiwiri ndinaitumiza Lachisanu lija, ili pa mphindi 58. Ndinatsegula ndi za m'galaja monga ananenera. Pa nkhani ya tsiku lopuma pantchito ndinasankha ya a Zenzo, osati yawo, ndipo imelo yotsatira anangolemba kuti, "Wasankha bwino, ndinakopeka ndi kuseka kuja." Nyimbo ya pa a Ncube ndinaichotsa. Kapu ndinaisiya, chifukwa kuikonza kukanadula chiganizo cha munthu pakati, ndipo nditawafotokozera anati chiganizo chiposa kapu. Tinadutsa marafu anayi tisanatsirize kudula zithunzi n'kupereka filimu kwa okonza mawu ndi mitundu.

Sindinganene kuti filimu inakoma kuposa poyamba chifukwa chochotsa misozi ija. Sindikudziwa. Malo a manja aja ndi abwino, ofatsa, ndipo ena amene anaonera anandifunsa kuti mwanayo ali kuti, ine n'kuyankha kuti ali ku Joni. Koma mphamvu ya poyamba ija inapita. Titatumiza filimuyo ku mpikisano wina kunja, sinapambane, ndipo a Zenzo anakhala mwezi wathunthu akunena kuti mphotho yawo ili pa tsamba 112. A MaNleya ankangoti, "Ikhale pomwepo, siiwola."

Tinaionetsa ku Sizinda Loweruka lina masana, mawindo a holo titawatchinga ndi mabulangete. A MaTshuma anakhaladi kutsogolo, atavala chipewa cha kutchalitchi. Dzina la Ndibali litatchulidwa anagwira mkono wa amuna awo, n'kutembenukira kwa mayi amene anali kumbuyo kwawo, ndikuganiza kuti kumuuza kuti ameneyo ndi mwana wanga. Filimu itatha madala anakwera kutsogolo n'kuliza nyimbo zitatu, a Ncube ndi a Moyo akukanganabe. Ngati a Malaba anadzawauza akazi awo, ndi liti, ine sindinafunse.

Pa zaka zotsatira ndinalandira maimelo a a MaNleya osawerengeka. Sikuti onse anali olondola. Ankadana ndi zithunzi zogwedera ngakhale pamene kugwederako kunali kofunika, ndipo nyimbo iliyonse ya gitala ankaiona ngati yaphokoso. Tinkakangana. Koma sindinalandirepo imelo yawo n'kukhala osadziwa choti ndichite m'mawa mwake. Ankanena malo, ankanena chimene chawavuta, ndipo kakonzedwe kake ankakusiyira. Ukawatsutsa ndi chifukwa chomveka, ankalemba kuti wawina. Tsiku lina ndinawafunsa kumene anaphunzira zimenezi. Anati ku fakitale ya nsapato kunali kapitawo wina amene akabweza nsapato ankaika choko pamalo penipeni pamene ulusi waphonya, ndi wina amene ankangoponya nsapatoyo pansi. Osoka ankawadziwa onse awiri.

Anapuma pantchito ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, makutu atayamba kulira okha. Mwana wawo, amene tsopano ndi namwino ku Gaborone, anawamangira kanyumba kumudzi kwawo. Tinawakonzera phwando ku ofesi, ndipo ine ndinalumikiza kafilimu ka mphindi zisanu ndi ziwiri kuchokera ku tizithunzi timene tinkawajambula mobisa pa zaka zonsezo, ndi mawu a anthu amene anagwira nawo ntchito. Anaonera atakhala pampando wawo wa pakona, chikwama pamwendo. Analira pang'ono, anatithokoza m'Chikalanga, tonse n'kuvomera ngati tamva.

Lolemba m'mawa ndinapeza imelo.

"Hlabangana mwanangu, zikomo. Sindinadziwe kuti mumandiona chonchi. Malo amene ndikuphunzitsa a Zenzo kuyika pepala m'makina ndawaonera kasanu. Tsopano, popeza mwana wanga akufuna kukaonetsa anzake ku Gaborone, pali tiwiri. 02:10 mpaka 04:25, a Zenzo alankhula mphindi ziwiri ndi masekondi khumi ndi asanu, ndipo theka lake akunena za iwo eni. Chiganizo chawo choyamba ndi chomaliza n'zokwanira, usawauze. 05:31, ndikutafuna. Ndikudziwa kuti mumaikonda, koma ndine mayi wa mumpingo."

Ndinakonza zonse ziwiri tsiku lomwelo n'kutumiza. A Zenzo ataona kuti mawu awo afupika anafunsa kuti walamula ndani, ndipo nditangowayang'ana anatukwana pang'ono n'kupita kukawiritsa madzi a tiyi okha.